Tiulusi ta m'minofu tomwe timasiyanitsa katswiri wa malathoni ndi wa mamita 100

Mnofu uliwonse umene umayendetsa mafupa a munthu ndi mtolo wa tiulusi tambirimbiri, tocheperapo kuposa tsitsi, timene timakoka tikalandira uthenga wochokera ku ubongo. Tiulusiti tilipo ta mitundu iwiri ikuluikulu. Tina timakoka modekha koma titha kugwira ntchito kwa maola osatopa. Tina timakoka mwamphamvu ndi mwaliwiro koma sitichedwa kulefuka.

Kusiyana kwake kumaoneka ndi maso pa nkhuku yachikuda. Nyama ya m'ntchafu imakhala yoderako chifukwa miyendoyo imayenda ndi kupalasa tsiku lonse, pamene ya pachifuwa ndi yoyera, popeza nkhuku imangouluka mwadzidzidzi, kamtunda kochepa, pothawa galu. Mwa munthu tiulusi ta mitundu iwiriyi tasakanikirana mu mnofu umodzi, ndipo m'ntchafu mwa anthu ambiri timakhala pafupifupi theka ndi theka.

Gwero la nkhani yonse lili pa mmene kaulusi kamapezera mphamvu. Kuti kakoke kamafunika mankhwala otchedwa ATP, koma mnofu umasunga ATP yokwanira masekondi awiri kapena atatu okha a liwiro lamtondowadooka. Yotsalayo iyenera kupangidwa munthu akuthamanga. Tiulusi todekha timaipanga powotcha shuga ndi mafuta a m'thupi mothandizidwa ndi mpweya wa okosijeni. N'chifukwa chake tazunguliridwa ndi timitsempha tambiri ta magazi, tili ndi mayogulobini wochuluka, amene amagwira okosijeni ndi kufiiritsa nyama, komanso tadzaza ndi maitokondiriya, tizigawo ta selo momwe kuwotchako kumachitikira. Njirayi imatulutsa mphamvu pang'onopang'ono, koma siitha msanga malinga ngati mtima ndi mapapo zikutumiza mpweya.

Tiulusi taliwiro sitidikira mpweya. Timayamba ndi fosifokiriyetini, nkhokwe yaing'ono yomwe imabwezeretsa ATP nthawi yomweyo koma imachepa kwambiri m'masekondi pafupifupi 10. Kenako timaphwanya shuga wosungidwa m'minofu, wotchedwa gulaikojeni, popanda okosijeni. Mphamvu imabwera mofulumira, koma asidi ndi zotsalira zina zimaunjikana mpaka kaulusi kayamba kukanika kukoka. Ndiye chifukwa chake wothamanga mamita 400 amafika kumapeto miyendo italemera, mapazi akukana kunyamuka.

Mipikisano iwiri imene inachitikira mumzinda wa Berlin ku Germany ikuonetsa bwino zimenezi. Mu 2009, Usain Bolt wa ku Jamaica anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58. Liwiro lake linafika pachimake pakati pa mamita 60 ndi 80, pamene ankathamanga pafupifupi makilomita 44 pa ola, ndipo m'mamita omaliza anali atayamba kale kubwerera m'mbuyo pang'ono. Oonerera amaganiza kuti wopambana amawonjezera liwiro kumapeto, koma kawirikawiri amakhala amene liwiro lake likutsika mochedwerapo kuposa la anzake.

Mu 2022, Eliud Kipchoge wa ku Kenya anamaliza malathoni, mtunda wa makilomita 42.195, m'maola 2, mphindi imodzi ndi masekondi 9. Zimenezi zikutanthauza mamita 100 aliwonse m'masekondi pafupifupi 17, kubwereza maulendo oposa 420 osapumira. Liwiro lotere n'lochepera theka la liwiro lapachimake la Bolt, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo imagwiridwa ndi tiulusi todekha, pakuti ubongo umayamba kuitana timeneti n'kumawonjezera taliwiro pamene mphamvu yofunika ikukwera.

Nato tiulusi todekha tili ndi malire. Mafuta m'thupi ndi ambiri, koma amayaka mochedwa, choncho pa liwiro la mpikisano mnofu umadalirabe gulaikojeni, amene ndi wochepa. Wothamanga akayamba mwaphuma, amadzutsa msanga tiulusi taliwiro, tomwe timamwaza shugayo. Gulaikojeni akatha, nthawi zambiri cha pa makilomita 30, liwiro limagwa mwadzidzidzi ndipo ena amayamba kungoyenda. Pofuna kuchedwetsa zimenezi, othamanga amamwa zakumwa za shuga m'njira.

Madokotala akadula kachidutswa ka mnofu wa mwendo n'kukaunika, amapeza kuti akatswiri a mitunda italiitali ali ndi tiulusi todekha tochuluka kwambiri, pamene a mitunda ifupiifupi ali ndi taliwiro tochuluka. Mbali yaikulu ya kusiyanaku ndi yobadwa nayo, ngakhale kuti masewera olimbitsa thupi amasintha zambiri. Pakati pa tiulusi taliwiro pali gulu lina lapakatikati, lomwe limaphunzira kugwiritsa ntchito okosijeni munthu akamathamanga mitunda italiitali, pamene kunyamula zitsulo kumanenepetsa kwambiri tiulusi taliwiro. Koma kusandutsa kaulusi kodekha kukhala kaliwiro kumachitika pang'ono chabe, ndipo munthu akamakalamba, taliwiro ndi tomwe timayamba kufota.