Masamba a pa chithunzi: yang'anani podulidwa

Masiku ano mwana akatumidwa kumsika amangojambula benchi ya masamba n'kutumiza pa foni, "Amayi, nditenge ati?" Chigwada kapena chisoso palibe angaphonye. Amene amavuta ndi repu, mpiru ndi chayinizi, chifukwa ndi a mtundu umodzi ndipo ogulitsa amakonda kuwayalika moyandikana.

Repu ndi wobiriwira motuwirako. Tsamba lake ndi lochindikala komanso losalala, ndipo madzi akagwerapo samwazika, amakhala timadontho. Mpiru ndi wobiriwira mowala, tsamba lake lopyapyala, lamakwinya, m'mbali mwake muli manomano. Chayinizi ndiye wosavuta mukangouona mtsempha wake wapakati, womwe ndi woyera ndi wotambalala. Mtundu wokha musaudalire kwambiri. Chithunzi chojambulidwa pansi pa lona wabuluu kapena ambulera yofiira chimasintha maonekedwe a tsamba, choncho tsatani kapangidwe kake.

Kunyezimira nako sikunena kanthu. Wogulitsa aliyense amawaza madzi, ndipo pa chithunzi mpiru wadzana wonyowa umaoneka bwino kuposa wa lero wouma. M'malo mwake, muuzeni mwanayo atembenuze mpukutu ajambule kumene anadula. Ngati masamba athyoledwa m'mawa womwewo, podulapo pamakhala poyererako ndi ponyowa, timapesi tili chilili. Akagona, podulapo pamada, pamauma, n'kuyamba kufwanyala. Ngati timapesi tili tofewa ndi toterera, ndiye kuti anawagoneka m'madzi nthawi yaitali ndipo ayamba kuola. Amenewo asiyeni ngakhale atatsitsa mtengo.

Chithunzi chachiwiri chikhale cha m'kati mwa mpukutu, poti masamba abwino amawaika kunja, achikasu n'kubisa pakati. Pomweponso aone kuseri kwa tsamba, kumene nsabwe za m'masamba zimaunjikana. Timabowo tiwiri titatu ta mbozi si chifukwa chokanira repu wabwino. Chodetsa nkhawa ndi maluwa: mpiru umene watulutsa maluwa achikasu wakalamba ndipo umawawa, monganso bonongwe wa ngala za njere amakhala wokhwima.

Nkhwani ndiye anthu amaulakwira. Tsamba lake limafota pakangopita maola ochepa padzuwa, ndiye kufota kokha sikutanthauza kuti wagona. Funani masamba aang'ono okhala ndi nsonga zanthete ndi tizingwe topotana. Mawanga otuwa otsata mitsempha ndi chibadwa cha maungu ena, si matenda. Koma zoyera zomwazika ngati ufa, zochoka mukapukuta ndi chala, ndi nthenda ya masamba okalamba, ndipo nkhwani wotero sakoma ngakhale mutatendera bwanji.

Fungo ndi mankhwala opopera siziwoneka pa chithunzi. Mwanayo anunkhize mpukutuwo asanalipire, ndipo akamva fungo la mankhwala kapena la chivundi apite pa benchi ina.