Zilembo 17 pa Sekondi: Momwe Vidiyo Yaifupi Imalankhulira Chisipanishi

Mu 2019 kampani ya Netflix inatulutsa filimu yonena za William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene anapanga makina oyendera mphepo otulutsa magetsi. Filimuyo, yomwe anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, ili ndi mbali zambiri zomwe anthu akulankhula Chichewa. Ku Madrid, ku Lima ndi ku Bogotá anthu anaipeza pa dzina loti El niño que domó el viento, ndipo amene anafuna kumva mawu enieni a osewera anatsatira nkhaniyo powerenga timizere ta Chisipanishi todutsa m'munsi mwa chithunzi. Anthu olankhula Chisipanishi chibadwire alipo pafupifupi 500 miliyoni. N'chifukwa chake ngakhale wopanga vidiyo ya mphindi ziwiri, kaya ya ulimi kaya ya nyimbo, amalakalaka kuti iwonso aimve.

Ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kumasulira basi. Koma womasulira buku akhoza kuwonjezera tsamba, pomwe wolemba mawu a m'munsi mwa vidiyo ali ndi malire awiri osasunthika: malo ndi nthawi.

Malire a malo ndi osavuta kuwamvetsa. Malamulo a Netflix, omwe omasulira ambiri amawatsatira ngakhale pa ntchito zina, amati mzere umodzi usapitirire zilembo 42, ndipo mizere isapitirire iwiri nthawi imodzi. Powerenga zilembozo amawerengera chilichonse: mpata wa pakati pa mawu, mpumiro, mpatuliro, komanso zizindikiro zozondoka za ¿ ndi ¡ zomwe Chisipanishi chimaika koyambirira kwa funso kapena mfuu. Ku Spain kuli muyezo wina wotchedwa UNE 153010, wa mawu olembera anthu osamva, womwe umalola zilembo 37 zokha pa mzere. Choncho funso loyamba la womasulira kwa mwini vidiyo limakhala lakuti ikaonetsedwa kuti, chifukwa kumeneko n'komwe kumachokera muyezo.

Malire a nthawi ndiwo amavuta. Diso la munthu liyenera kuwerenga mawu, kubwerera pa nkhope ya wolankhula, n'kutsikanso pa mawu otsatira. Pa Chisipanishi, Netflix imalola zilembo zosapitirira 17 pa sekondi ngati pulogalamu ili ya akuluakulu, ndi 13 ngati ili ya ana. Mawu sayenera kuoneka kwa nthawi yochepera magawo asanu mwa magawo asanu ndi limodzi a sekondi, apo ayi amangothwanima n'kuzimirira, ndiponso sayenera kukhala kupitirira masekondi 7, chifukwa woonera amayamba kuwawerenga kachiwiri poganiza kuti ndi atsopano. Kale pa wailesi yakanema ankatsatira lamulo la masekondi 6 pa mizere iwiri yodzaza, lomwe limapereka zilembo pafupifupi 12 pa sekondi. Liwiro lakwera chifukwa akuti oonera a masiku ano anazolowera kuwerenga, koma 17 ndi denga, si pogonera.

Tiyerekeze vidiyo yaifupi ya mayi wina mlimi ataimirira m'munda mwake. Pa sekondi ya 41 akunena kuti: "Chaka chino mvula inachedwa kwambiri, moti chimanga tinachita kubzala kawiri." Chiganizocho chamutengera masekondi 4, kenako chithunzi chasintha. Masamu ake ndi achidule: masekondi 4 kuchulukitsa ndi 17, yankho ndi 68. Womasulira ali ndi zilembo 68, osapitirira.

Akamasulira zonse mokhulupirika, zimatuluka motere: "Este año las lluvias se retrasaron muchísimo, así que tuvimos que sembrar el maíz dos veces." Chisipanishi chake n'chabwino, palibe cholakwika. Koma zilembo zake ndi 92. Sizingakwane n'komwe m'mizere iwiri, yomwe imatenga 84, ndipo pa masekondi 4 woonera angafunike kuwerenga zilembo 23 pa sekondi. Mawu angachoke iye ali pakati pa chiganizo, ndipo nkhope ya mayiyo sangaione n'komwe.

Apa m'pamene pamaonekera mmisiri. Sayamba ndi kudula mfundo, amayamba ndi kufupikitsa kanenedwe. Mawu akuti "las lluvias se retrasaron muchísimo" amawasintha kukhala "llovió muy tarde", kutanthauza kuti inagwa mochedwa kwambiri. Mlumikizi wautali "así que" amausintha kukhala chilembo chimodzi, "y", popeza woonera adziwa yekha kuti kuchedwa kwa mvula ndiko kwachititsa kubzala kawiri. Mu fayilo ya mtundu wa SRT, yomwe mapulogalamu ambiri a vidiyo amaiwerenga, zotsatira zake zimaoneka chonchi:

```
12
00:00:41,200 --> 00:00:45,200
Este año llovió muy tarde
y tuvimos que sembrar el maíz dos veces.
```

Nambala yoyambayo ndi ya mndandanda, mzere wachiwiri ukusonyeza nthawi yolowera ndi yotulukira, ndipo manambala atatu omalizira ndi magawo a sekondi yogawidwa ka 1,000. Mzere wapamwamba wa mawu uli ndi zilembo 25, wapansi 40. Zonse pamodzi ndi 65, zomwe pa masekondi 4 ndi zilembo 16 ndi pang'ono pa sekondi. Zakwana.

Womasulira wopupuluma akanadulanso "tuvimos que" n'kulemba "y sembramos el maíz dos veces", zomwe zikanatsitsa zilembo kufika pa 55. Koma mayiyo sananene kuti anabzala kawiri chabe. Anati "tinachita kubzala", ndipo aliyense wolankhula Chichewa akumva dandaulo lili m'menemo: mbewu yoyamba inapsa, ndalama zinalowa m'madzi, panalibe kuchitira mwina. Mawu akuti "tuvimos que" ndiwo asunga kukakamizika kumeneko. Malo akakhalapo, kudula zotere n'kumulanda wolankhula chinthu chenicheni chomwe anaimira pamaso pa kamera.

Vidiyo yomweyo ikakhala ya ana a sukulu, nkhani imasintha. Masekondi 4 kuchulukitsa ndi 13 ndi zilembo 52 zokha. Pamenepo palibe kuchitira mwina: "Este año llovió tarde" pamwamba, "y sembramos el maíz dos veces." pansi, zonse pamodzi 51. Dandaulo lija latayika m'mawu, ndipo womasulira amadalira nkhope ndi kamvekedwe ka liwu la mayiyo kuti zilifikitse.

Pali njira ina yopezera malo, yomwe ndi kubwereka nthawi. Ngati wolankhula watsiriza ndipo padutsa kachetechete, mawu akhoza kutsalira pa chithunzi kwa theka la sekondi, zomwe zimawonjezera zilembo zisanu ndi zitatu. Koma m'vidiyo yaifupi mwayi umenewu ndi wosowa, chifukwa wodula zithunzi amachotsa kupuma kulikonse kuti zinthu zithamange. Komanso mawu sayenera kudumphira chisawawa m'chithunzi chotsatira. Chithunzi chikasintha, diso limaganiza kuti mawunso asintha ndipo limayambiranso pachiyambi. Pakati pa mawu otuluka ndi olowa amasiyapo kampata ka mafulemu awiri, kuti diso lizindikire kuti kwabwera zatsopano.

Podulira mzere naponso pamafuna nzeru. M'chitsanzo chija mzere waduka pomwe ganizo loyamba lathera, ndipo wachiwiri wayamba ndi mlumikizi. Kusiya "el" kumapeto kwa mzere wapamwamba n'kutsitsa "maíz" pansi n'kulakwitsa, chifukwa mawu awiriwa amayendera limodzi ndipo woonera amapunthwa akawapeza atalekana. Akatswiri amakondanso kuti mzere wapamwamba ukhale waufupi kuposa wapansi, kuti usaphimbe chithunzi. Vidiyo yoimirira, ya pa foni, imapanikiza kwambiri: zilembo 42 sizikwana m'lifupi mwake pokhapokha zitachepetsedwa mpaka kusawerengeka, choncho mizere imayenera kufupikirapo ndipo chiganizo chimodzi chimagawidwa kangapo.

Nanga Chisipanishi chake chiti? Cha ku Spain ndi cha ku Latin America zimasiyana moti makampani akuluakulu amalemba mafayilo awiri. Kompyuta ku Madrid ndi "ordenador", ku Mexico ndi "computadora". Polankhula kwa anzake ambiri, wa ku Spain amati "vosotros" pomwe wa ku Latin America amati "ustedes". Kusiyanaku kumakhudzanso masamu, popeza mawu ena ndi aatali kuposa anzake.

Vuto lalikulu kwa mavidiyo a Chichewa lili pa mlatho. Omasulira odziwa Chichewa ndi Chisipanishi pamodzi ndi osowa, motero ntchito imadutsa m'Chingerezi kaye. Mlathowu umataya zinthu. Chichewa chimasiyanitsa "iwe" ndi "inu", Chisipanishi nachonso chili ndi "tú" ndi "usted", koma Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha. Mtsikana amene akulankhula kwa agogo ake mwaulemu wonse akhoza kutuluka m'Chisipanishi ngati akulankhula kwa mnzake wa m'kalasi, popanda wina kudziwa kuti palakwika. Mankhwala ake ndi otchipa: wolemba mawu a Chingerezi aike ndemanga pambali yosonyeza amene akulankhula, kwa yani, ndiponso mwaulemu wotani. Aonjezerenso chiganizo chonse chosadula, kuti womasulira wachiwiri asadule zomwe zadulidwa kale.

Zida zogwirira ntchito siziboola m'thumba. Subtitle Edit ndi Aegisub ndi mapulogalamu aulere, ndipo onse awiri amawerengera okha liwiro la mzere uliwonse n'kuchenjeza ndi mtundu wofiira likapitirira. Fayilo iyenera kusungidwa mu UTF-8. Ikasungidwa kapena kutsegulidwa molakwika, "año" amasanduka `aÃ±o`, ndipo amene amathawa vutoli pochotsa kamzere ka pamwamba pa ñ amagwera m'dzenje lakuya, chifukwa liwu lotsalalo limatchula chiwalo chobisika cha thupi.

Pulogalamu imawerenga zilembo, koma siidziwa ngati munthu wamva. Mayeso odalirika ndi kupereka vidiyoyo kwa munthu wolankhula Chisipanishi amene sanaionepo, pa foni, aionere kamodzi osaimitsa, kenako afotokoze zomwe zanenedwa ndi zomwe waona. Akafotokoza mawu onse koma osakumbukira kuti mayi uja anali m'munda wouma, ndiye kuti maso ake sanachoke m'munsi, ndipo mawu achuluka. Paliponse pomwe chala chake chafuna kubweza vidiyo m'mbuyo, womasulira alembe nthawi yake, abwerere pa mzerewo, aufupikitse kapena auwonjezere nthawi asanaitumize kwa mwini wake.