Kuzula Dzino Kapena Kulipulumutsa?

Tinene kuti chibwano chanu chakumunsi chabooka mpaka mtsempha wa mkati watupa. Kuzula kumatenga mphindi zochepa ndipo n'kotsika mtengo, n'chifukwa chake ambiri amathamangira komweko.

Njira ina ndi yoti dokotala aboole dzinolo, achotse mtsempha wodwala, atsuke tinjira ta m'mizu n'kutimata. Chibwano chimakhala ndi tinjira titatu kapena tinayi, choncho mungafunike kupitako kawiri, ndipo ndalama zake zimaposa za kuzula kangapo. Dzino lotere limasweka msanga likapanda kuvekedwa chisoti, koma likavekedwa limatha zaka zoposa 10, mwinanso moyo wonse.

Mtengo wa kuzula umabwera pambuyo. Mano oyandikana amapendekera pa mpatapo, lakumwamba limatsika, fupa limaphwa. Kutseka mpatawo kumafuna dzino lovula usiku, kapena kusema mano awiri abwinobwino kuti anyamule loikirira. Apo ayi, amakhoma chitsulo m'fupa n'kudikira miyezi 3 mpaka 6 chigwire, ndipo njira imeneyi imadula kuposa zonse.

Ngati muzu sunang'aluke ndipo fupa lili lolimba, lipulumutseni. Ngati wang'aluka, palibe chomata: zulani.