Dzuwa limaphika pang'onopang'ono, Siriyasi amasonkhezera moto

Mitambo ikayera usiku wa pakati pa Febuluwale, munthu amene waima pabwalo ku Chimwankhunda cha m'ma 9 koloko amaona nyenyezi yowala kuposa zonse ili pamutu penipeni. Dzina lake ndi Siriyasi. Kuti muipeze, tsatani mzere wa nyenyezi zitatu zija makolo amati Akamwiniatsatana, muloze chakum'mawa chakumwera. Mzinda wa Blantyre uli pamalo abwino, chifukwa nyenyeziyi imadutsa pafupifupi pamwamba pathu ndithu.

Siriyasi amalemera kuwirikiza kawiri kulemera kwa dzuwa. Ana asukulu akamva zimenezi amayankha msanga kuti ndiye kuti amawalanso kuwirikiza kawiri. Koma ayi, amawala kuwirikiza pafupifupi ka 25. Mbali ina ya chinsinsi chake ndi yakuti nyenyezi ziwirizi zimaphika chakudya chimodzi, koma maphikidwe ake ndi osiyana.

Nyenyezi sizipsa ngati makala pambaula. Pakatikati pake, timitima tinayi ta mpweya wa haidirojeni, totchedwa mapulotoni, timaphatikana n'kupanga mtima umodzi wa hiliyamu. Hiliyamuyo amapepukirako pang'ono poyerekeza ndi mapulotoni anayi aja, ndipo kachidutswa kosowako, magawo 7 pa 1,000 alionse, ndi kamene kamasanduka kuwala ndi kutentha.

Vuto ndi lakuti mapulotoni amakankhana, popeza onse ali ndi mphamvu yamagetsi yamtundu umodzi. Kuti ayandikane afunika liwiro lalikulu, ndipo chimene chimawapatsa liwirolo ndi kutentha.

M'dzuwa, momwe pakati pake pamatentha madigiri opitirira pang'ono 15 miliyoni, mapulotoni amakumana okhaokha. Awiri akagundana, imodzi iyenera kusanduka nyutironi pa kamphindi komweko kuti agwirane. Izi zimachitika mwa apo ndi apo, moti pulotoni imodzi imatha kudikira zaka mabiliyoni angapo mwayiwu usanaigwere. Zikatheka, zotsatira zake zimayenda msanga mpaka hiliyamu atapangika. Iyi ndi njira ya mapulotoni, ndipo kuchedwa kwakeko ndi kumene kwasunga dzuwa mpaka lero.

Njira yachiwiri anaitulukira Carl von Weizsäcker mu 1938 ndi Hans Bethe mu 1939, aliyense payekha. Imatchedwa CNO, kuchokera ku zilembo zoimira kaboni, naitirojeni ndi okosijeni. Muno mapulotoni sakumana okha, koma amakwera pamtima wa kaboni imodzi imodzi.

Kaboni wolemera 12 akalandira pulotoni yoyamba amasanduka naitirojeni 13, yemwe sakhalitsa: pa mphindi 10 zilizonse theka lake limasanduka kaboni 13. Pulotoni yachiwiri ikalowa, timapeza naitirojeni 14. Yachitatu imabweretsa okosijeni 15, amene pa mphindi ziwiri theka lake limakhala litasanduka naitirojeni 15. Yachinayi ikafika, mtimawo umagawika pawiri: hiliyamu amatuluka, kaboni 12 uja n'kubwerera mmene analili.

Zili ngati minibasi imene imanyamuka ku Chimwankhunda, kutola anthu m'njira, kukawatsitsa m'tauni, n'kubwerera pasiteji kudzayambanso. Kaboniyo saatha. Chimene chalowa ndi mapulotoni anayi, chimene chatuluka ndi hiliyamu, chimodzimodzi njira yoyamba ija.

Nanga bwanji dzuwa siligwiritsa ntchito kwambiri njira imeneyi, pamene kaboni lili naye? Mtima wa kaboni uli ndi mapulotoni 6, wa naitirojeni 7. Pulotoni yobwera imakankhidwa mwamphamvu kuwirikiza ka 6 kapena ka 7 poyerekeza ndi kukumana ndi inzake imodzi. Mpanda ndi wautali, ndipo ndi mapulotoni ochepa okha aliwiro lodabwitsa amene amaupyola. Kutentha kukangokwera pang'ono, chiwerengero cha aliwirowo chimakula koopsa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Njira ziwirizi zimapereka mphamvu zofanana pa madigiri pafupifupi 18 miliyoni. Tinene kuti pamenepo iliyonse ikupereka 100. Tsopano tikweze kutentha ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kufika cha m'ma 20 miliyoni. Pa njira ya mapulotoni timachulukitsa 1.1 ndi iye yemwe kanayi, ndipo 100 uja amafika pa 146. Pa njira ya kaboni timachulukitsa 1.1 pafupifupi ka 17, ndipo 100 amadumpha kufika pa 505. Tikatsitsa kutentha ndi gawo lomwelo, kufika cha m'ma 16 miliyoni, njira ya mapulotoni imatsika kufika pa 66, pamene ya kaboni imagwa mpaka pa 17. Aliyense amene ali ndi kakyuleta pafoni angayese yekha.

Apa ndi pamene dzuwa latsalira. Pakati pake penipeni njira ya kaboni imayenda pang'ono, koma mukangochokapo kulowera kunja, komwe kwazizirirapo, imazimiratu pamene ya mapulotoni ikupitirira. Mukaphatikiza zonse, kaboni amapereka pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 100 a mphamvu ya dzuwa. Koma nyenyezi yolemera imadzipanikiza yokha kwambiri, ndipo pakati pake pamatentha koposa. Ikaposa dzuwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, njira ya kaboni imayamba kulamulira. Siriyasi anadutsa kale malire amenewo.

Zotsatira zake n'zazikulu. Popeza njira ya kaboni imayaka pamalo otenthetsetsa okha, mphamvu yonse imatulukira pakadera kochepa, ndipo kuwala pakokha sikungaichotse msanga. Pakati pa nyenyeziyo pamayamba kubwadamuka ngati phala, zotentha kukwera, zozizira kutsika. Pakati pa dzuwa pamakhala bata, kubwadamuka kuli chakunja. Komanso moto wolilima umatha nkhuni msanga: dzuwa lili ndi zaka pafupifupi 10 biliyoni zowotcha haidirojeni, Siriyasi pafupifupi biliyoni imodzi yokha, pamene Akamwiniatsatana, omwe ndi zimphona, moyo wawo ndi wa zaka mamiliyoni owerengeka.

Wina angafunse kuti tikudziwa bwanji, poti palibe anafikako. Nthawi iliyonse pulotoni ikasanduka nyutironi, pamatuluka kanthu kotchedwa nyutirino, kamene kamapyola dzuwa lonse osaima. Manyutirino ochokera kwa naitirojeni 13 ndi okosijeni 15 amakhala ndi mphamvu zawozawo zowazindikirira. Mu 2020, akatswiri a makina otchedwa Borexino, amene anali pansi pa phiri la Gran Sasso ku Itale, analengeza kuti awagwira, patadutsa zaka zoposa 80 chilembere Bethe.

Pa ulendo wonse wa kaboni, sitepe yochedwetsa ndi ya naitirojeni 14 kulandira pulotoni. Monga galimoto zimaunjikana pamene msewu wapanikizika, kaboni ndi okosijeni wambiri amathera pamzere umenewu atasanduka naitirojeni. Nyenyezi ikakalamba imamwaza zina mwa zinthuzi mlengalenga, n'kudzalowa m'nyenyezi ndi maiko atsopano. Choncho gawo lalikulu la naitirojeni wa mumpweya umene tikupumawu, ndi wa m'thumba la feteleza wa yuriya amene mlimi amathira m'chimanga, linapangidwa pamzere umenewo, m'nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanabadwe.