Besitimani, serewulani mkwati osamuvula

Pa madyerero a ukwati, besitimani amapatsidwa maikolofoni nthawi yovuta. Anthu akudikira perekaniperekani, ndipo kutsogolo kwakhala makolo, ankhoswe ndi abusa. Mphindi zitatu n'zokwanira: kulonjera akuluakulu, kunena m'mene munadziwirana ndi mkwati, nthabwala imodzi, kenako mafuno abwino.

Pagona nkhani ndi pa nthabwalapo. Ife timadziwa kuserewulana, makamaka pachisuweni, koma muholo muli apongozi amene mkwati amawagwadira. Choncho sankhani khalidwe lomwe aliyense amalidziwa kale, lomwenso mwini wake amaliseka. Chinsinsi cha awiri chisiyeni kunyumba. Zibwenzi zakale, mowa, ngongole, maonekedwe a thupi, mtundu wa anthu ndi nkhani ya kubereka, zonsezi musazikhudze n'komwe, chifukwa kalowa m'khutu kayaza mphasa. Mkwatibwi asaserewulidwe, iye ngwoyamikiridwa basi.

Tiyerekeze kuti mkwati ndi wa Bullets wa magazi, pamene kwawo kwa mkwatibwi ndi a Wanderers okhaokha. Besitimani angayankhule motere:

"Makolo athu, ankhoswe, abusa, ndakulonjerani nonse. Achimwenewa ndinadziwana nawo kusekondale. Chiyambire, Maule akagonja sadya nsima, ndipo foni imazima mpaka Lachiwiri. Malaya abuluu sankawayandikira. Tsiku lina ndinawapeza atavala abuluu, akumwetulira okhaokha. Nditafunsa, anati, 'Andigulira.' Pamenepo ndinadziwa kuti zatheka. Alamu, mwakwanitsa zimene Manoma onse analephera. Koma munthu amene sanasiye timu yake pa nthawi ya mavuto, inunso sadzakusiyani."

Nthabwalayi ikuyenda chifukwa cha zinthu zitatu. Nkhani ya mpira agogo akuimva, mwana akuimva, choncho palibe wotsalira. Mkwati akusekedwa pa chinthu chimene iye amachinyadira. Chachitatu, chiganizo chomaliza chikutembenuza chiseko kukhala chiyamikiro: kukakamira timu kwasanduka umboni wa kukhulupirika. Nthabwala imene simungaitembenuze chonchi ndi chipongwe chabe, itayeni.

Musanafike tsikulo, yesani mawu anu kwa mchemwali wa mkwati kapena nkhoswe. Akangoti, "Iii, koma imeneyo," ichotseni osatsutsa. Muwalembenso papepala, chifukwa zolakwika zambiri zimabwera munthu akamva anthu akuseka n'kufuna kuwonjezera za m'mutu.

Mukamayankhula, yang'anani kumene chiseko chikuchokera. Ngati akuseka ndi anyamata a gulu lanu okha, pamene makolo angoti zii, ankhoswe n'kumanong'onezana, dziwani kuti mwaponda molakwika. Musafotokozere, musabwereze. Pitani msanga ku zabwino za mkwatibwi, afunireni mafuno abwino awiriwo, ndipo bwezani maikolofoni kwa wotsogolera mwambo.