Kapu ya jinja, ndimu ndi adyo: imathandiza mpaka pati?

Chiperoni chikayamba kuwomba mu Juni ndi Julaye, m'makomo ambiri mumamveka fungo la jinja wowira. Wina akangoyetsemula, adyo wasinjidwa kale, ndimu ladulidwa. Chakumwachi si chachabe ayi, koma ambiri timachisenzetsa ntchito yoposa mphamvu zake.

Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo thupi limawagonjetsa lokha m'masiku 7 mpaka 10. Munthu akamwa jinja tsiku lachisanu n'kuyamba kupeza bwino lachisanu ndi chiwiri, amayamikira kapu, chonsecho matendawo anali atayamba kale kutha. Chimene kapuyo imachitadi n'kuchepetsa ululu. Madzi otentha amafewetsa kukhosi ndi kumasula mamina, komanso amabwezera madzi amene thupi likutaya. Jinja amatenthetsa m'thupi ndi kuletsa nseru. Kwa wodwala amene wakhala osagona usiku wonse, zimenezi si zazing'ono.

Kaphikidwe nako kali ndi mbali yake. Dulani jinja wamkulu ngati chala chachikulu, mumuwiritse m'makapu awiri a madzi kwa mphindi 10. Ndimu musaliwiritse, chifukwa moto umawononga vitamini C. Finyani theka lake madzi atazizirako. Ngakhale mutatero, vitamini ameneyu sachiza chimfine chimene chayamba kale. Adyo naye mphamvu yake imatuluka akasinjidwa ndipo imachepa pamoto, koma umboni woti amachiza chimfine ndi wochepa kwambiri, ndipo wamuwisi wambiri amawotcha m'mimba. Amene amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga wafarini, afunse kaye adokotala asanachulutse adyo ndi jinja. Supuni yaing'ono ya uchi imachepetsa kutsokomola usiku, koma mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'kuchedwa kupita kuchipatala. Tiyerekeze mwana wa zaka zitatu amene wakhala akutsokomola, lero thupi latentha, ndipo mayi ake akupitiriza kumumwetsa jinja. Muvuleni malaya ali phee, muwerenge kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu. Akapuma maulendo 40 kapena kuposerapo, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati pokoka mpweya, chingakhale chibayo, ndipo n'chofunika chipatala tsiku lomwelo. Kwa khanda la miyezi 2 mpaka 11, malire ake ndi 50.

Kutentha thupi kuno kwathu kumafunanso kuyezetsa malungo, pakuti amayamba ndi mutu ndi kuphwanya m'thupi ngati chimfine, ndipo ndimu silipha tizilombo take. Wamkulu amene watsokomola milungu iwiri osasintha, makamaka ngati akuwonda kapena kutuluka thukuta usiku, akayezetse makhololo, chifukwa chingakhale chifuwa chachikulu. Kuyezako n'kwaulere m'zipatala za boma.