Magazi akapitirira mayi atachira

Ophunzira azamba asanakumane ndi mayi weniweni wotaya magazi, amayeserera pa chidole chovala pamimba chotchedwa MamaNatalie, chomwe chimakhala ndi thumba la madzi ofiira. Mphunzitsi amachivala n'kugona pabedi.

Nkhani yake ili motere. Mayi wachira mwana wachisanu, nsengwa yatuluka, koma chitenje chikunyowabe. Magazi akafika mamililita 500, ngozi yayamba. Wophunzira aitane anzake, kenako agwire pamimba. Chiberekero chikakhala chofewa, ndiye kuti sichinakhwimbe, ndipo ichi ndicho chimayambitsa vutoli kawirikawiri. Achisisite mwamphamvu mpaka chilimbe, wina aike diripi yokhala ndi okisitosini, wina atulutse mkodzo ndi kapaipi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimalepheretsa chiberekero kukhwimba. Mankhwala a tiranekisamiki, galamu imodzi, aperekedwe mumtsempha pasanathe maola atatu mwana atabadwa.

Mphunzitsi amatchera msampha: amalimbitsa chiberekero koma magazi osaleka. Wophunzira watcheru amayang'ana ngati njira yang'ambika kapena chidutswa cha nsengwa chatsalira.

Kwa ine, phunziro lenileni lili pa kukambirana akamaliza, mopanda kunyozana. Unazindikira liti kuti magazi achuluka, ndipo unayeza kapena unangoyerekeza ndi maso? Maso amachepetsa. Mtima wa mayi utayamba kuthamanga, unauza ndani? Ankatsogolera ndani? Nanga mayiyo, alipo amene anamufotokozera zimene zinkamuchitikira?